Thiransifoma ya Dyn11 m'malo mwa Yyn0: zimene zaoneka patapita miyezi

Wina adandifunsa kuti: "Mudachotsa thiransifoma ya Yyn0 n'kuikapo ya Dyn11, zonse za 500 kVA, ndipo pachikwangwani chake zonse zidalembedwa 4%. Tsono kusiyana kwake kuli pati? Kodi patha miyezi yonseyi mwaonapo phindu?"

Mayina a Yyn0 ndi Dyn11 amanena za kalumikizidwe ka makoyilo a thiransifoma. Phindu lilipo, ndipo laonekera kwambiri pa shoti ya waya mmodzi wokhudza chitsulo cholumikizidwa pansi. Nambala ya 4% ija ndi ya impidansi, kutanthauza kukaniza kumene karenti yoyenda molingana m'mawaya onse atatu imakumana nako, monga zimakhalira pa shoti ya mafezi atatu. Pa shoti ya pansi pamabwera gawo lina la karenti, lotchedwa ziro sikwensi, limene limayenda nthawi imodzi ndi kulowera mbali imodzi m'mawaya onse atatu, n'kubwerera kudzera pa nyutirolo. Impidansi imene gawoli limakumana nayo, ya Z0, kawirikawiri silembedwa pachikwangwani, koma ndiyo imalamula kukula kwa karenti ya shotiyo, If:

```
If = 3E / (Z1 + Z2 + Z0)
```

Thiransifoma yathu imatsitsa magetsi kuchoka pa 11 kV kufika pa 400 V, choncho E, voteji ya pakati pa fezi imodzi ndi nyutirolo, ndi 231 V, ndipo karenti yake yokwanira ndi 722 A. Pa 500 kVA, 4% imapereka Z1, impidansi ya karenti yolingana ija, ya 12.8 mΩ, ndipo Z2, impidansi ya gawo la karenti limene mafezi ake amatsatana mobwerera, mu thiransifoma imalingana ndi Z1. Mpaka pamenepa yakale ndi yatsopano sizisiyana konse.

Kusiyana kumayambira ku makoyilo a mbali ya 11 kV. Karenti ya ziro sikwensi ikamayenda m'makoyilo a 400 V, pamafunika karenti ina mbali inayo yoti ithetse mphamvu ya maginito imene yoyambayo ikupanga. Mu Dyn11 makoyilo a 11 kV adalumikizidwa mwa delita, kutanthauza kuti ndi njira yotsekeka, ndipo karenti yothetsayo imangozungulira momwemo osatulukira ku mawaya a kunja. Chimene chimatsala ndi impidansi yaing'ono ya pakati pa makoyilo awiriwo, n'chifukwa chake Z0 imakhala pafupifupi yolingana ndi Z1. Mu Yyn0 makoyilo a 11 kV amakumana pa mfundo imodzi imene siidalumikizidwe kwina kulikonse, kotero karenti yothetsayo ilibe podzera. Mphamvu ya maginito imakwera m'miyendo yonse itatu ya chitsulo chapakati kulowera mbali imodzi, n'kusowa mwendo wobwererera, ndipo imakakamizika kudutsa m'mafuta ndi m'khoma la thanki. Zotsatira zake ndi Z0 yoposa Z1 kangapo konse. Chitsulocho chikadakhala cha miyendo isanu, kapena akadakhala mathiransifoma atatu a fezi imodzi-imodzi, maginito akadapeza njira yosavuta ya m'chitsulo, ndipo Z0 ikadakwera koposa pamenepo.

Yakale ija tidaiyeza isanachoke, motsatira njira ya IEC 60076-1. Timamanga pamodzi mawaya atatu a 400 V, n'kuika voteji yochepa pakati pa mawayawo ndi nyutirolo, kenako timawerengera `Z0 = 3U / I`, pamene U ndi votejiyo ndipo I ndi karenti yonse imene yayenda. Idapereka pafupifupi 160 mΩ, yomwe ndi 50%. Nambala imeneyi siyenera kutengedwa ngati yosasintha, popeza khoma la thanki likakhuta maginito Z0 ya Yyn0 imatsikako, komabe imasonyeza bwino kukula kwa vutolo. Tikaika manambala onse, 693 V kugawa ndi 185.6 mΩ imapereka 3.7 kA. Pa yatsopano, 693 V kugawa ndi 38.4 mΩ imapereka 18 kA. Shoti yofanana, pamalo amodzimodzi, imakoka karenti yochuluka pafupifupi kasanu chifukwa cha kalumikizidwe ka makoyilo kokha.

Bureka yathu yaikulu ndi ya 800 A, ndipo idachunidwa kuti izidula msanga karenti ikafika kasanu ndi kamodzi ka mlingo wake, ndiye kuti 4.8 kA. Ndi thiransifoma yakale, ngakhale shoti ya pansi yochitikira pafupi penipeni sinkafika pamenepo, ndipo bureka inkaiona ngati katundu wochuluka chabe, n'kudikira masekondi ambiri isanadule. Zizindikiro zake zinkaoneka: utoto wa pathanki wofiirira moyang'anizana ndi makoyilo, ndiponso mababu a fezi imodzi amene ankathimathima pamene a mafezi ena ankawala mopitirira, chifukwa katundu wosalingana ankasuntha nyutirolo. Chiikireni yatsopano, kebulo ya pampu ina idapekesedwa ndi m'mphepete mwa thileyi yake mpaka waya kukhudza chitsulo. Bureka ya pampuyo idadula nthawi yomweyo, yaikulu osagwedezeka, ndipo pathileyi padatsala kabanga kakuda kosaposa chikhadabo. Mavoteji a mafezi atatu nawo akhala oyandikana miyezi yonseyi, ngakhale pa nthawi imene fezi imodzi yalemedwa kwambiri.

Komabe karenti yaikuluyo ili ndi zofuna zake, ndipo apa m'pamene ndimaona kuti ambiri amafulumira kuyamikira Dyn11 asanawerengere. Delita imatchinga Z0 ya mzere wa 11 kV kuti isalowe m'chiwerengero, pamene Z1 ndi Z2 za mzerewo zimalowa. Ngati mphamvu ya shoti ya mzerewo ndi 250 MVA, imawonjezera 0.64 mΩ pa Z1 ndi pa Z2, ndipo shoti ya mafezi atatu imakhala 17.2 kA pamene ya pansi imakhala 17.5 kA. Ya pansi ndiyo yaikulu, ngakhale pang'ono. Mawaya opita pansi ndi malumikizo a nyutirolo amene ankakwanira pa 3.7 kA tidayenera kuwasintha, chifukwa kutentha kwa waya kumakula molingana ndi karenti kuichulukitsa ndi iyo yomwe. Kudula msanga kwa bureka kumachepetsako kutenthako, koma nkhani yotere imafuna kuwerengera, osati kuyerekeza.

Mbali ya 11 kV nayo idafuna kuunikanso. Shoti ya pansi ya 17.5 kA imaoneka kumeneko ngati 367 A m'mawaya awiri okha, yomwe ndi pafupifupi 58% ya zimene shoti ya mafezi atatu ikadapereka, ndipo rileyi ya shoti ya pansi ya ku 11 kV siiona n'komwe. Mafyuzi a mbali imeneyo ayenera kusankhidwa poganizira karenti yochepayo. Yakale ija sitingaiyendetsenso pamodzi ndi yatsopano, popeza mavoteji awo amasiyana ndi madigiri 30.

Phindu lonseli lili ndi polekezera. Limaoneka kokha pamene karenti ya shoti imabwerera ku nyutirolo kudzera m'waya wachitsulo, ndiponso pamene shotiyo siili kutali. Kebulo ikatalika, impidansi yake imaphimba ya thiransifoma, ndipo kusiyana kwa kasanu kuja kumacheperachepera. Kuli nyumba ina ya patali imene zitsulo zake zidalumikizidwa ku ndodo yakeyake ya m'nthaka, ndipo njira yonse yodzera m'dothi ndi pafupifupi 10 Ω. Kumeneko shoti ya pansi imakoka 23 A basi, kaya thiransifoma ndi Yyn0 kaya Dyn11, ndipo chimene chimateteza anthu ndi chodulira chozindikira karenti yothawira pansi, chimene tidachisiya monga chidalili.