Ulendo wa basi wa ku Namugongo: nyenyezi 4 mwa 5

Ine ndi mayi anga tinapita ku Namugongo ku Uganda pa chikondwerero cha Amaritiri cha pa 3 Juni, kudzera kwa anthu okonza maulendo a ku malo oyera. Ndalama yomwe tinalipira inali ya basi, malo ogona ndi chakudya cham'mawa.

Pa zikalata ndiwayamike. Kutatsala mwezi anatiitana kudzaona mapasipoti ndi khadi la katemera wa yelo fiva. Anatichenjeza kuti katemerayu amawerengedwa pakatha masiku 10 chibayitsireni, ndipo ku Uganda amalifuna khadilo. Anatiuzanso kuti kwacha tisinthiretu kukhala madola okagulira mashilingi, chifukwa kutsogoloko ndi mashilingi okhaokha. Tinatulukira pa Songwe, kudutsa Mbeya, n'kukalowa Uganda pa Mutukula. Madalaivala anali awiri osinthana, ndipo ankaima mayi akapempha. Miyendo ya mayi inatupabe, choncho okalamba avale nsapato zotakasuka.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha tsiku lenilenilo. Anatigoneka ku Kampala n'kutiuza kuti tidzanyamuka 5 koloko m'mawa. Choyamba, sanatikumbutse kuti nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi ola limodzi, moti amayi ena a mawotchi apamkono anachedwa. Chachiwiri, misewu yoyandikira amaitseka. Basi inatisiya patali, tinayenda pansi, kenako mzere wa chipikisheni pachipata unatidyera maola. Misa tinaimvera pa zokuzira mawu, guwa lake, lomwe lili pakati pa dziwe, osaliona. Anzathu amene anagona konko pa 2 Juni, pamkeka ndi bulangete, ndiwo anapeza malo abwino. Okonza ulendo amayenera kutipatsa mwayi wosankha zimenezi.

Kachikwama kakhale kakang'ono kuti kusecha kusachedwe. Ine munali korona, ambulera, chitenje choyala pansi, mankhwala a mayi, ndi kachigubu kopanda kanthu kotungira madzi a pamalopo, omwe anthu amapita nawo kwawo. Foni ndi pasipoti ndinazimangirira m'chiuno mkati mwa zovala, poti chikhamu chake n'chothinana.

Mawa lake, anthu atachepa, anatibwezanso, ndipo apa ndi pamene ndinawakhululukira. Wotitsogolera anatiuza tisanalowe m'tchalitchi kuti abambo avule zipewa, mafoni azimitsidwe, ndipo tisajambule munthu amene akulapa kapena wagwada. Anatisonyeza nsanamira 22 zoimira amaritiri 22 a Chikatolika, kenako guwa lomwe lili pamalo pamene mmodzi wa iwo, Karolo Lwanga, anatenthedwera pa 3 Juni 1886. Mayi anagwada pamenepo nthawi yaitali, ndipo palibe anawafulumizitsa. Anatitengeranso ku Nakiyanja, kumalo a Angilikani, kumene ena ambiri anatenthedwera pamodzi.

Ndingapitenso nawo, koma ndisanalipire ndidzafunsa kuti usiku wa pa 2 Juni tikagona kuti.