Kuyeza kukula kwa mzinda waukulu: mizinda iwiri kapena inayi?

Pofuna kuona ngati mzinda umodzi waphimba inzake, ambiri amagawa chiwerengero cha anthu a mumzinda waukulu ndi cha mzinda wachiwiri. Njirayi ndi yachangu, koma imangodalira mzinda wachiwiriwo.

Tiyerekeze dziko lomwe mizinda yake ili ndi anthu 4 miliyoni, 2 miliyoni, 300,000 ndi 200,000. Njira ya mizinda iwiri ikutipatsa 2, yankho looneka ngati zonse zili bwino, poti kawirikawiri mzinda wachiwiri umayembekezeka kukhala theka la woyamba.

Njira ya mizinda inayi imagawa mzinda waukulu ndi anthu onse a mizinda itatu yotsatira. Apa ndi 4 miliyoni kugawa ndi 2.5 miliyoni, yankho 1.6. M'dziko lomwe wachiwiri ndi theka la woyamba, wachitatu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, wachinayi limodzi mwa anayi, yankho limakhala pafupifupi 0.92. Choncho 1.6 akuulula zomwe njira yoyamba inabisa: kuseri kwa mizinda iwiriyo kwatsala timatauni chabe.

Ine ndimakonda ya inayi, ngakhale nayonso imasokeretsa ukawerenga mzinda wina pamodzi ndi madera ozungulira, wina n'kulekezera m'malire a khonsolo.