Dai, pigimenti kapena tona: kodi ndi iti imene imapakika pa pepala, nanga chifukwa chiyani?

Pepala likangotuluka mu pulinta, n'kulikhudza zilembo n'kupakika chala, ambirife timathamangira kunena kuti inki ndi yachinyengo kapena pulinta yatha ntchito. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma kawirikawiri inkiyo imakhala yabwinobwino, pepala nalonso labwinobwino, kungoti ziwirizo sizinapangidwe kuti zikumane. Musanasankhe kudikira, kusintha pepala kapena kugula makina ena, muyenera kudziwa chimene pulinta yanu imathira pa pepala, chifukwa dai, pigimenti ndi tona zimagwira pepala m'njira zosiyana kotheratu.

Tiyambe ndi inki ya dai. Utoto wake umakhala wosungunuka m'madzi, ndiye kadontho kakagwera pa pepala wamba, madzi ndi utoto zimalowera limodzi mu ulusi wa pepalalo. Kuuma kumene timamva ndi chala m'masekondi oyambirira sikutanthauza kuti madzi auluka ayi, angomwedwa ndi pepala. Kuuluka kwenikweni kumabwera pambuyo, ndipo kumachedwa chifukwa opanga inki amaikamo dala mankhwala osunga chinyontho, monga gilisalini, kuti inki isaumire pa timabowo ta hedi, kachipangizo kamene kamapopera inki pa pepala. Mankhwala omwewo ndi amene amachedwetsa kuuma pa pepala. Choncho dai sachedwa kuuma pa pepala lomwa madzi, koma amavuta pamene mwathira inki yambiri pamalo amodzi, monga pa chithunzi chodzaza tsamba lonse pa pepala wamba la magalamu 80. Pepala limakhuta, limachita mafundemafunde, ndipo inki yotsala pamwamba imadetsa kumsana kwa pepala lotsatira. Vuto lina la dai ndi lakuti ngakhale atauma sabata yathunthu, dontho la madzi kapena chala chathukuta chimamusungunulanso, zilembo n'kuyenderera.

Pigimenti ndi tizidutswa tating'onoting'ono ta utoto tosasungunuka, timene timangoyandama m'madzi ngati dothi m'madzi amatope. Madzi akalowa m'pepala, tizidutswato timatsala pamwamba kapena pafupi ndi pamwamba. N'chifukwa chake zilembo za pigimenti zimaoneka zakuda bii ndi zakuthwa m'mbali, ndipo zikakhazikika siziopa madzi ngati dai. Koma chinthu chokhala pamwamba chimafunika pogwira. Pa pepala wamba chimakakamira mu ulusi. Pa pepala losalala lonyezimira lopanda timabowo, chilibe pokakamira, ndiye mukachikhula chimachoka ngati mwaye, kaya padutsa mphindi imodzi kaya tsiku.

Tona ya pulinta ya leza ilibe madzi n'komwe. Ndi ufa wa pulasitiki wosakaniza ndi utoto, umene umasungunulidwa ndi kukanikizidwa pa pepala ndi fyuza, chipangizo chotentha pafupifupi madigiri 180 mpaka 200. Pepala likatuluka n'kuzizira, zatha. Ndiye tona ikamachoka ndi chala, kudikira n'kutaya nthawi, chifukwa palibe choti chiume. Mwina fyuza yafooka, mwina pepala ndi lochindikala kapena lachinyontho moti likuba kutentha. Pa pepala lochindikala, sankhani `Heavy`, `Thick` kapena `Cardstock` mu pulogalamu ya pulinta, kuti makina aliyendetse pang'onopang'ono lilandire kutentha kokwanira. Ngati tona ikuchokabe pa pepala wamba louma, fyuzayo ndiyo yofunika kusintha.

Pa zolemba za tsiku ndi tsiku, ine ndimaika tona patsogolo, pigimenti pakati, dai pambuyo. Pa zithunzi za pepala lonyezimira mndandandawo umatembenuka, dai ndiye savuta.

Mapepala onyezimira si amodzi

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna, chifukwa m'maso mapepala onse onyezimira amafanana. Alipo a mitundu itatu. Woyamba uli ndi mankhwala opakidwa mopyapyala pamwamba amene amafufuma akalandira madzi, n'kumeza utoto. Umenewu unapangidwira dai, umauma mochedwa, ndipo pigimenti salowamo. Wachiwiri uli ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene timayamwa madzi nthawi yomweyo. Umenewu umalandira dai ndi pigimenti wa zithunzi, ndipo ndi umene pa paketi amalemba `Instant Dry` kapena `Microporous`. Wachitatu ndi pepala lonyezimira la leza kapena la makina akuluakulu osindikizira magazini. Limeneli silinapangidwire inki yamadzi, moti mukaliika mu inkijeti, pulinta ya inki yamadzi, inki imangoundana timadonthotimadontho pamwamba, ndipo ikhoza kufika mawa isanaume.

Ngati paketi inatayika, nyowetsani chala pang'ono n'kukhudza pakona. Pepala lofufuma limanata ndi kuterera. La timabowo limamwa chinyonthocho pompo, chala n'kumakakamira mouma. La leza limangosiya madziwo pamwamba. Kusinthanitsa kwina n'koopsa kuposa apa: pepala la zithunzi la inkijeti musaliike mu leza, chifukwa mankhwala opakidwa pamwamba pake akhoza kusungunukira pa fyuza.

Nkhani ya chakuda chimene sichiuma

Tiyerekeze kuti muli ndi pulinta ya matanki anayi, imene inki yakuda ndi ya pigimenti pamene mitundu itatu inayo ndi ya dai. Mapulinta ambiri a m'nyumba ndi a muofesi anapangidwa choncho. Mukusindikiza chikalata choitanira anthu pa pepala la zithunzi la magalamu 200, chokhala ndi mutu wa zilembo zazikulu zakuda ndi chithunzi cha mitundu pansi pake. Chatuluka, chithunzi chauma bwinobwino, koma mutuwo ukuchoka ndi chala ngakhale patapita ola.

Umboni uli pomwepo: mitundu yauma, chakuda chokha ndicho chikuvuta. Chikanakhala chinyontho cha m'chipinda kapena pepala lokana inki yamadzi, zonse zikanapakika. Mukayang'ana mu pulogalamu ya pulinta mupeza kuti mtundu wa pepala udakali pa `Plain Paper`. Ikauzidwa kuti pepala ndi wamba, pulinta imatenga chakuda mu tanki ya pigimenti, amene anapangidwira zilembo pa pepala la ulusi, osati pa chinthu chosalala.

Muli ndi njira zitatu. Yoyamba ndi kuchepetsa inki, mwina posankha `Draft`. Imeneyi sithandiza, mungopeza mutu wotuwa umene ukuchokabe, chifukwa vuto si kuchuluka kwa inki koma kusowa pogwira. Yachiwiri ndi kuwonjezera nthawi yodikira pakati pa masamba. Nayonso ingoteteza masamba kuti asadetsane mu thireyi, koma wolandira chikalatacho adzadetsedwabe m'manja. Yachitatu ndi kusintha mtundu wa pepala kukhala `Glossy Photo Paper` kapena dzina lofanana nalo. Mukatero, mapulinta ambiri amtunduwu amasiya tanki yakuda, n'kupanga chakuda posakaniza mitundu itatu ya dai ija. Chodabwitsa n'chakuti inki yothiridwa pa pepala imakhala yochulukirapo, koma imauma, chifukwa tsopano ndi inki imene pepalalo limatha kumeza.

Njirayi ili ndi mtengo wake. Chakudacho sichida bii ngati cha pigimenti, nthawi zina chimapendekera ku buluu kapena kofiirira, mitundu imatha msanga, ndipo kusindikiza kumachedwa. Ngati mukufuna chakuda chenicheni, siyani kunyezimira, gulani pepala la inkijeti losanyezimira limene limagwira pigimenti. Pa zikalata zochepa ine ndingangosintha mu pulogalamu. Zikakhala mazanamazana mwezi uliwonse, leza ya mitundu ndi pepala lake lonyezimira ndi yosavutitsa mutu, ngakhale zithunzi zake sizifika pa za inkijeti.

Pamene kudikira ndi kuchepetsa inki kumathandizadi

Njira ziwiri zimene zalephera pamwambapa zili ndi malo ake. Zimagwira ntchito pamene inki ndi pepala zikugwirizana koma pepala lakhuta. Izi zimachitika mukalakwitsa mbali inayo, kusankha pepala la zithunzi kapena `High` pamene mwaika pepala wamba, komanso posindikiza mbali zonse ziwiri, pamene makina amakokeranso pepala mkati mbali yoyamba idakali yonyowa. Pa Canon muli `Ink Drying Wait Time`, pa Epson muli `Print Density` ndi `Increase Ink Drying Time` posindikiza mbali ziwiri, ndipo pa Brother muli `Slow Drying Paper`. Pakati pa kuchepetsa inki ndi kuwonjezera nthawi, yambani ndi kuchepetsa inki pang'ono, chifukwa kumachotsanso mafunde a pepala, pamene kudikira kumangochedwetsa ntchito.

Chinyontho cha mumpweya chimawonjezera moto pa vuto lomweli. Pepala limayamwa madzi a mumpweya, ndiye limene lagona mu thireyi masiku ambiri nyengo yamvula limakhala litamwa kale, malo a inki n'kuchepa. Chinyontho chapakati pa 40 ndi 60 peresenti ndicho chabwino. Kuyesa ngati pepala lamwa chinyontho n'kosavuta: tsegulani paketi yatsopano, sindikizani tsamba lomwelo, n'kuyerekeza. Mapepala ena wamba ali ndi chizindikiro cha `ColorLok`. Amenewa ali ndi mankhwala ochititsa pigimenti kuundana msanga pamwamba, ndiye amauma mofulumirirapo, koma kwa dai kusiyana kwake n'kochepa. Zithunzi nazo musaziunjike zikangotuluka. Ngakhale zikumveka zouma, zipatseni maola 24 musanaziike mu fulemu kapena m'pulasitiki.

Pali kupakika kwina kumene sikukhudzana ndi kuuma. Nyamulani pepala m'mbali likamatuluka, muliyang'ane musanalikhudze. Ngati lada kale, zachitikira mkati. Mikwasa yopingasa, yotsata njira imene hedi imayenda, makamaka m'makona, imasonyeza kuti hedi ikukhula pepala lopindika kapena lochindikala. Liwongoleni, kenako tsegulani `Prevent paper abrasion` pa Canon kapena `Thick Paper and Envelopes` pa Epson kuti mpata pakati pa hedi ndi pepala ukule. Timadontho tondondozana kuchokera pamwamba kutsika pansi ndi mapazi a timawilo ta mano totulutsa pepala, timene taponda inki yonyowa. Kuda kwa kumsana ndi inki yotayikira pa marola kapena pansi pamene pepala limadutsa, ndipo kumatha mukapukuta ndi kudutsitsa mapepala angapo opanda kanthu. Pa leza, banga lobwerezabwereza liyezeni ndi rula. Mtunda wa pakati pa mabanga ndi wofanana ndi kuzungulira kwa chinthu chimene chawonongeka, moti dilamu, chubu chimene chimasamutsira tona pa pepala, ikakhala yonenepa mamilimita 30 imabwereza banga pa mamilimita pafupifupi 94 alionse, ndipo ya mamilimita 24 pa mamilimita pafupifupi 75.