Kudula molunjika kapena kutsogoza mawu: mudule motani zokambirana mu filimu yaifupi?

Tingoyerekeza mayi akufunsa mwana wake za ndalama zomwe zasowa. Njira yoyamba, yodula molunjika, ndi kudula chithunzi ndi mawu malo amodzi pochoka pa mayi kupita pa mwana. Yachiwiri, yotchedwa J-cut, mawu a mwanayo amayamba kumveka tikuonabe nkhope ya mayi.

Kudula molunjika n'kosavuta, ndipo kumawawitsa funso ngati mbama. Koma mukadula paliponse pomwe munthu wamaliza kulankhula, woonera amayamba kulosera podulapo, chidwi n'kutha.

Kutsogoza mawu kumafuna nthawi. Lekanitsani mawu ndi chithunzi, kenako kokerani mawu a mwana kumbuyo ndi mafulemu 6 mpaka 12. Mafulemu ndi zithunzi zotsatizana zomwe zimapanga filimu, ndipo pa mafulemu 24 pasekondi, 12 amakwana theka la sekondi. Phindu lake tikuona mayi akumva bodza la mwanayo, maso akutsika pansi, ndipo apo mpamene pali nkhani. Vuto limabwera phokoso la m'chipinda likasiyana pa chojambula cha mayi ndi cha mwana. Valani mahedifoni, mudzamva kulumpha. Yalani phokoso limodzi la chipindacho pansi pa zonse.

Pa mkangano wa mayankho aafupi, dulani molunjika. Pomwe womvera ndiye wanyamula ululu, tsogozani mawu.