Miyezi 8 chisamutsireni makonzedwe a rauta yopsa ndi mphenzi

Rauta ya pa malo ogona alendo a mlamu wanga ku Mangochi inapsa mu Januwale 2025. Mphenzi inagunda mlongoti wa intaneti umene uli padenga, moto wake n'kutsika ndi chingwe mpaka kudzalowa pa khomo loyamba la rautayo, lija lolembedwa `ether1`. Inali MikroTik hEX, RB750Gr3, ya makomo 5, yoyendera RouterOS 7. Ndinaitchera ndine mu Malichi 2024, ndipo tsiku lomwelo ndinasunga makonzedwe ake m'mafayilo awiri. Imodzi inali ya `.backup`, inayo ya `.rsc`. Nthawi imeneyo ndinkangoti ziwirizi ndi chinthu chimodzi chovala malaya osiyana. Pamene ndikulemba izi ndi Seputembala 2025, ndipo maganizo amenewo ndinawasiya kalekale.

Tinagula hEX inanso, mtundu womwewo. Ndinailumikiza ku laputopu, kutsegula Winbox, pulogalamu yotcherera marauta a MikroTik, kukokera fayilo ya `.backup` mu `Files`, kudina `Restore`, kulemba pasiwedi ya fayiloyo. Rauta inazima n'kuyakanso, ndipo mphindi 5 zisanathe intaneti inali itabwera. Dzina ndi pasiwedi ya PPPoE zimene akampani yotipatsa intaneti anatipatsa, malamulo a `firewall`, pasiwedi yanga yolowera, zonse zinabwerera mmene zinalili. Mlamu anangoti, "Basi alamu, kwatha?" Ndinati kwatha. Pa ntchito imeneyi fayilo ya `.backup` sindingainyoze, chifukwa pasiwedi ya PPPoE ija sindinailembe pena paliponse, ndipo linali Loweruka madzulo.

Cholakwika choyamba chinaoneka Lolemba, ndipo chinali changa. Fayilo inali ya miyezi 10 yapitayo. Mu Ogasiti 2024 tinagula pulinta yatsopano, ndinaipatsa adilesi yokhazikika ya 192.168.88.20 kudzera mu `DHCP Server`, koma sindinasungenso fayilo ina. Rauta yatsopano sinkaidziwa pulintayo, inangoipatsa adilesi imene inalipo, ndiye kompyuta ya pa risepishoni inkatumiza malisiti a alendo kumene kulibe munthu. Ntchito yokonza inali ya mphindi ziwiri, koma kuti ndizindikire chimene chavuta panapita ola lathunthu ndikutukwana pulinta yosalakwa.

Chachiwiri ndi chimene chandichititsa kulemba zonsezi, ndipo chinabisala miyezi iwiri.

Khomo lililonse la rauta lili ndi nambala yakeyake yochokera kufakitale, adilesi ya MAC, imene zipangizo za pa netiweki imodzi zimazindikirana nayo. Fayilo ya `.backup` imasunga manambala amenewa pamodzi ndi zina zonse. Anaipanga kuti izibwerera m'bokosi lomwelo limene inachokera, ndipo eni ake amanena zimenezi poyera, ine ndi amene sindinawerenge. Mukaiika m'bokosi lina, bokosilo limavala manambala a linzake. Bola lakalelo likhale litafa ndithu, palibe chimene mungaone. Lathu silinafe. Mu Malichi 2025 ndinaliyesa n'kupeza kuti lapsa `ether1` yekha, makomo anayi otsalawo ali bwinobwino. Potaya chinthu cha ndalama zake ndinaona kuwawa, ndiye ndinalifufuta n'kuliika ku chipinda chodyera kuti lizingogawa zingwe. Kuyambira tsiku limenelo pa netiweki imodzi panali zipangizo ziwiri zoyankha dzina limodzi.

Zizindikiro zake zinali zosokoneza mutu. Intaneti siinathe, inkangodukaduka. Foni ya mlendo inkagwira mphindi zitatu, kuima masekondi makumi awiri, kugwiranso. Makamera ankazima pa sikirini n'kubwereranso okha. Aliyense ankaloza chala akampani ya intaneti, inenso poyamba ndinawaimbira, iwo n'kundiuza mwaulemu kuti kumbali yawo kulibe vuto. Ankanena zoona. Chimene chinanditsegula maso ndi tsamba la `Neighbors` mu Winbox: mayina awiri osiyana, MAC imodzimodzi. Mu `Log` ya rauta yatsopano munali mizere yobwerezabwereza yokhala ndi mawu akuti `loop`, chikhalirecho palibe chingwe chimene chinazungulira n'kubwerera pomwe chachokera. Rauta inkangolandira uthenga wosainidwa ndi dzina lake lomwe, n'kuganiza kuti ikudzimvera yokha.

Pokonza rauta yatsopanoyo pali malo awiri, ndipo ambiri amakumbukira amodzi. Oyamba ndi makomo enieniwo. Achiwiri ndi `bridge`, yolumikiza makomo kuti akhale netiweki imodzi, imene m'makonzedwe a kufakitale imakhala ndi `auto-mac=no` ndi `admin-mac` yolembedwa, kotero ngakhale mubweze manambala a makomo onse, iyo imakakamirabe nambala ya bokosi lakale mpaka muisinthe ndi manja.

```
/interface ethernet reset-mac-address ether2,ether3,ether4,ether5
/interface ethernet print
/interface bridge set bridge admin-mac=XX:XX:XX:XX:XX:XX
```

Pa ma X-wo mumaikapo nambala ya `ether2` imene lamulo lachiwirilo lakuonetsani. Winbox imaduka pang'ono mukangosintha, musadabwe, ingolowaninso. Mwaona kuti `ether1` sindinamulembe pamenepo. Tsiku lija ndinabweza makomo onse asanu, ndipo intaneti inathiratu pomwepo. Akaunti yathu ya PPPoE inali yomangiriridwa ku MAC ya rauta yakale, monga makampani ena amachitira pofuna kuti akaunti isamagwiritsidwe ntchito kwina. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chimene mu Januwale zinangoyenda popanda kuimbira aliyense foni: bokosi latsopano linkadzionetsa ngati lakale. Ndinaimba, bambo wa ku ofesi yawo anamasula, zinatheka. Koma poti `ether1` wakale anapsa ndipo sadzalankhulanso, ndikanatha kungoisiya nambalayo osaikhudza.

Zitachitika izi ndinafuna kudziwa ngati fayilo inayo, ya `.rsc`, ikanandipulumutsa ikanakhala yokha. Imeneyi ndi mawu wamba, malamulo ondondozana amene mungawatsegule mu Notepad n'kuwawerenga, ndipo pamwamba pake pamalembedwa tsiku, nambala ya RouterOS ndi mtundu wa bokosi. Nditatsegula ya mu Malichi 2024 ndinapeza mzere wa PPPoE uli ndi dzina koma wopanda pasiwedi. Mu RouterOS 6 lamulo la `/export` linkatulutsa mapasiwedi pokhapokha mutaliuza kuti libise. Mu 7 anatembenuza, limabisa pokhapokha mutaliuza kuti lionetse. Ine ndinazolowera 6. Tsono mmene ndimasungira masiku ano ndi motere:

```
/system backup save name=flash/loji-2025-09 password=...
/export show-sensitive file=flash/loji-2025-09
```

Mawu akuti `flash/` si okongoletsa. Pa hEX, fayilo imene ili kunja kwa foda imeneyo imakhala m'chikumbumtima chakanthawi, magetsi akangothima yapita. Ndipo ngakhale ili mu `flash/`, ikakhala m'rauta mokhamo ndi chimodzimodzi kusunga kiyi wapadera m'nyumba imene mwakhoma. Ndimaikokera pa laputopu nthawi yomweyo. Ya `.rsc` yokhala ndi `show-sensitive` sindiitumiza pa WhatsApp kapena pa imelo, chifukwa aliyense woitsegula aona mapasiwedi poyera. Imakhala pa fulashi m'kabati ya mlamu.

Mu Epulo ndinabwereka hAP lite kwa mnzanga kuti ndiyeserepo. Kameneka kali ndi makomo 4 okha, ndipo ndinakasankha dala. Choyamba ndinakafufuta kuti kasakhale ndi makonzedwe alionse, pakuti malamulo a m'fayilo akapeza `bridge` kapena adilesi ilipo kale amakana.

```
/system reset-configuration no-defaults=yes skip-backup=yes
/import file-name=loji.rsc verbose=yes
```

Ikafufutidwa chonchi rauta imakhala ilibe adilesi ya IP, ndiye 192.168.88.1 sikufikitsani kulikonse. Mumalowa podina MAC yake mu `Neighbors`, laputopu ili pa chingwe, kenako n'kukweza fayilo. Yanga inayenda mizere ingapo n'kuima pa mzere wolowetsa `ether5`, khomo la makamera, mu `bridge`, ndi uthenga wakuti `input does not match any value of interface`. Apa ndi pofunika kudekha. `/import` ikapunthwa siidumpha mzere n'kupitirira, imaima pomwepo. Zam'mwamba zalowa, zam'munsi sizinalowe, ndipo m'munsimo ndi mmene muli ma adilesi, mbali ina ya DHCP ndi `firewall` yonse. Mzere wokanikawo ukakhala chakumapeto, intaneti ikhoza kuyenda ndithu inu n'kunyamula chikwama kumapita, osadziwa kuti makonzedwe ena sanalowe. N'chifukwa chake `verbose=yes` sindiisiya, imaonetsa mzere uliwonse pamene ukulowa. Kuyendetsanso fayilo yomweyo pamwamba pa zimene zalowa kale sikuthandiza, imakana msanga pa mzere woyamba wopanga chinthu chimene chilipo. Ndinakonza fayilo mu Notepad, kuchotsa mzere wa `ether5`, kufufutanso rauta, kuyambiranso. Ndili momwemo ndinaonanso `admin-mac` ya bokosi la ku loji itakhala phee pa mzere wa `bridge`. Fayilo ya mawu nayonso imanyamula nambala imeneyi, kungoti apa mumaiona ndi maso n'kuichotsa isanalowe.

Ulendo wachiwiri inafika kumapeto. Chotsala chinali pasiwedi yolowera mu rauta, imene `/export` siitulutsa ngakhale mutaika `show-sensitive`. Masatifiketi ndi makiyi a SSH nawonso satuluka, ngati muli nawo amafuna kusungidwa paokha. Ife tilibe, ndiye ndinangoika pasiwedi ya `admin` n'kumaliza. Ntchito yonse inatenga pafupifupi mphindi 40, kuyerekeza ndi 5 za mu Januwale.

Ndikaziyeza ziwirizi patapita miyezi imeneyi, ya `.backup` ndimaikonda pa tsiku la ngozi, alendo ali pakhonde akufunsa Wayifayi, bokosi lili la mtundu womwewo ndi RouterOS yofanana kapena yoyandikana, ndipo ndikudziwa kuti mawa lake ndikonza ma MAC. Pa bokosi la mtundu wina sindingaiyese n'komwe. Ya `.rsc` ndi yochedwa, imafuna munthu woti awerenge, koma ndi yokhayo imene ndingaidalire kuti ndisamuke nayo, ndipo yandithandiza pa china chimene sindinkachiganizira: mu Julayi liwiro la alendo litatsika, ndinaika fayilo ya Juni ndi ya Julayi pambalimbali n'kupeza mzere umodzi wa `queue`, wogawa liwiro la intaneti, umene ndinasintha usiku wina n'kuiwala.

Chiyambire Malichi netiweki sinadukedukenso. hEX yakale ikugawabe zingwe ku chipinda chodyera, `ether1` wake ndinamumata tepi yakuda kuti wina asalowetsemo chingwe. Mafayilo ndimasunga ndikangosintha kanthu, dzina lili ndi chaka ndi mwezi, ndipo pa fulashi ya m'kabati panopa alipo 14. Chotchinga mphenzi cha pa chingwe cha kumlongoti sindinagulebe, ndipo mlamu wandikumbutsa kawiri sabata ino kuti mvula yoyamba ili pafupi.