Buku la malonda ndi ndalama za pafoni: zomwe ndaona patapita miyezi

"Achimwene, paja munati kompyuta izikufananizirani yokha ndalama za Airtel Money ndi Mpamba ndi buku la malonda. Mukuigwiritsabe ntchito? Ine madzulo aliwonse ndalama za pafoni sizigwirizana ndi zomwe mnyamata walemba m'buku, ndatopa nazo."

Ndikuigwiritsabe ntchito, achemwali, ndipo sindingabwererenso ku zowerengera pamanja. Chachikulu chomwe yandithandiza n'chakuti ndinasiya kukhulupirira chiwerengero cha ndalama zonse pamodzi. Kale ndinkaphatikiza za m'buku, n'kuphatikiza za pafoni, ndikaona kuti za pafoni zachulukirapo ndinkagona mtima uli m'malo. Kumeneko n'komwe ndalama zimabisala.

Ndimagwiritsa ntchito Google Sheets, ndipo muli masamba awiri. Tsamba la Malonda ndi buku lija: gawo A tsiku, B katundu, C ndalama yomwe munthu wapereka pamanja, D yomwe walipira pafoni, E zilembo kapena manambala asanu omalizira a nambala ya malipiro yomwe imabwera mu uthenga. Tsamba la Foni ndi la sitetimenti: A tsiku, B nambala yonse ya malipiro, C ndalama yomwe yalowa. Mafomula ndi atatu okha. Yoyamba ili pa D2 ya tsamba la Foni, yachiwiri pa E2 ya tsamba lomwelo, yachitatu pa F2 ya tsamba la Malonda, ndipo iliyonse mumaikokera mpaka m'munsi.

```
=RIGHT(B2,5)
=COUNTIF(Malonda!E:E,D2)
=IF(E2="","",SUMIF(Foni!D:D,E2,Foni!C:C)-SUMIF(E:E,E2,D:D))
```

Yoyamba imadula zilembo zisanu zomalizira. Yachiwiri ikaonetsa 0, ndiye kuti ndalama yalowa pafoni koma m'buku mulibe. Yachitatu ikaonetsa 0 ndiye kuti zagwirizana, ikaonetsa nambala yokhala ndi kamzere kutsogolo ndiye kuti katundu watuluka koma ndalama sinafike kapena yafika yoperewera.

Njira yonseyi yatsamira pa zilembo zisanu zija. Kufananiza ndi kuchuluka kwa ndalama kokha sikuthandiza mugolosale, chifukwa anthu anayi akhoza kugula shuga wa mtengo umodzi m'mawa womwewo, ndipo akalipira atatu okha simungadziwe kuti amene sanalipire ndani. Kufananiza ndi dzina nakonso n'kovuta, popeza mayi amagula koma wotumiza ndalama ndi mwamuna wake ali kuntchito, kapena mwana wake ali ku Joni. Nambala ya malipiro yokha ndiyo siibwerezedwa. Choncho lamulo pakauntala ndi lakuti katundu asachoke mpaka uthenga utafika pafoni ya golosale ndipo zilembo zisanu zalembedwa m'buku. Masabata oyamba mnyamata ankadandaula kuti makasitomala akuchedwa pamzere. Pano anazolowera, amalemba uku akukulunga katundu.

Ndikuuzeni za Loweruka lina la kumapeto kwa mwezi. M'buku, malonda olipiridwa pafoni anakwana K186,500. Sitetimenti inaonetsa kuti kwalowa K201,200. Pafoni panali K14,700 yoonjezera, ndipo mwa kawerengedwe kakale ndikanati mnyamata waiwala kulemba zina, basi n'kutseka. Koma mizere itafananizidwa umodziumodzi panatuluka zinthu zitatu zosiyana. Pa tsamba la Foni panali K20,000 yomwe inaonetsa 0. Imeneyo anali bambo wina yemwe ankabweza ngongole ya ufa ndi mafuta ophikira ya mwezi wapitawo, osati malonda a tsikulo. Mizere iwiri ya m'buku inaonetsa 300 ndi 400: makasitomala awiri anaonjezera yotapira mwa kufuna kwawo. Mzere umodzi unaonetsa -6000. Sopo ndi mafuta a K6,000 zinatuluka, zilembo zisanu zinalembedwa bwinobwino, koma mu sitetimenti munalibe nambala yotero. K20,000 kuphatikiza K700, kuchotsapo K6,000, ndi K14,700 ija. Ndalama ya ngongole inaphimba dzenje, tsiku lomwe ndinaluza linkaoneka ngati tsiku lomwe ndapindula.

Nditafunsa, mnyamata anavomera kuti panali anthu ambiri ndipo anakopera nambalayo pa foni ya wogula, osati pa foni ya golosale. Kaya uthengawo unali wabodza, kaya ndalama inapita ku nambala ina, kwa ife n'chimodzimodzi: sinafike. Izi zimandipweteka chifukwa K6,000 mugolosale yaing'ono ndi phindu la katundu wambiri. Ndipo apa mpomwe njirayi imathera mphamvu. Imakuuzani madzulo kuti mwaberedwa, munthu atapita kale. Yoteteza masana ndi kuona uthenga pa foni yanu, kuona kuti wachokera ku dzina la kampani osati ku nambala wamba ya munthu, ndipo mukakayika muone balansi.

Kuchokera tsiku limenelo, wobweza ngongole naye amalembedwa m'buku pa mzere wakewake, pa katundu timalemba kuti "ngongole" ndi zilembo zake zisanu. Yotapira sindilimbana nayo, ndikaona kusiyana kochepa kopita m'mwamba ndimadziwa kuti ndi imeneyo. Wolipira mbali pamanja mbali pafoni savuta malinga mnyamata wagawa ndalamayo m'magawo C ndi D, osati kulemba yonse pamodzi.

Mawu akuti "imachita yokha" musawamve mopitirira. Kufananiza n'komwe kumachitika kokha. Kulowetsa za m'buku ndi kuika sitetimenti pa tsamba lake ndi ntchito ya manja anu, ndipo buku la pepala silichoka pakauntala chifukwa magetsi ndi netiweki sizilonjeza. Vuto lomwe limabwerabwera lili pa kuika sitetimentiyo. Mukakopera kuchokera mu PDF kapena m'mauthenga, nthawi zina ndalama imabwera ngati mawu, monga 6,000.00 yokhala ndi MWK pambali, ndipo SUMIF siiwerenga. Mumangoona mizere yonse ya tsikulo yasonyeza kuti ndalama sinafike. Musathamangire kukalipira mnyamata. Yang'anani gawo C la tsamba la Foni: manambala enieni amakhala kumanja kwa kabokosi, omwe atengedwa ngati mawu amatsamira kumanzere. Chotsani MWK uja, zonse zibwerera m'malo. Ngati n'kotheka kupeza sitetimenti ya Excel kapena CSV, tengani imeneyo. Komanso mwezi uliwonse yambani masamba atsopano, chifukwa mizere ikachuluka zilembo zisanu zomalizira zikhoza kufanana ndi za malipiro ena akale, fomula n'kuphatikiza ndalama ziwiri zosagwirizana.

Ngati golosale ikulandirira ndalama pa nambala yanu yomwe achibale amatumizirapo za maliro ndi za sukulu fizi, yambani mwapatula nambala, apo ayi tsiku lililonse muzifufuza mizere yomwe si ya malonda.

Pali kuba kumodzi komwe mafomulawa sangakuone ngakhale pang'ono: wogulitsa akapatsa kasitomala nambala yake yapadera n'kusalemba m'buku. M'buku mulibe, mu sitetimenti mulibe, zonse zimaoneka zogwirizana. Kumeneko kumagwidwa powerenga katundu pashelefu, ndiye Lolemba lililonse m'mawa ndimawerenga shuga, mafuta ndi sopo, zomwe zimayenda msanga, n'kufananiza ndi zomwe buku likuti zagulitsidwa. Nambala ya golosale ndinailembanso ndi zilembo zikuluzikulu pakhoma kuti kasitomala asachite kufunsa kotumiza.