Nyenyezi 3 mwa 5: seva ndi yabwino, koma vuto la 500 ndinalipeza ndekha mu logi

Papita miyezi 4 chisamutsireni webusaiti yanga ya PHP ku kampani iyi yosunga mawebusaiti. Ndinatenga phukusi lomwe anthu ambiri amagawana seva imodzi, loyendera Apache ndi cPanel. Panopa zonse zili bwino, masamba amatseguka mwachangu, ndipo seva sinagwepo ine ndikuona. Nyenyezi ziwiri ndachotsa chifukwa cha tsiku loyamba.

Tsiku limenelo ndinakweza mafayilo onse mu `public_html`, ndikulumikiza nkhokwe ya deta, kenako ndikutsegula adiresi yanga. M'malo mwa tsamba loyamba panatuluka mawu akuti `500 Internal Server Error`. Webusaiti yomweyo inkagwira ntchito bwinobwino pa seva yakale komanso pa kompyuta yanga. Nditalembera a kampaniyi, yankho linabwera patatha maola 6, ndipo linali lakuti ndifufute zimene bulawuza yasunga ndiyesenso. Zimenezi zinandikwiyitsa. Nambala 500 imachokera ku seva, ndiye kuti seva yalandira pempho koma yalephera kulikwaniritsa. Bulawuza ilibe mlandu pamenepo.

Chimene ndikuwayamikira n'choti logi ya zolakwika sanaibise. Mu cPanel, pansi pa `Metrics`, pali `Errors`, pomwe pamaoneka mizere 300 yaposachedwa. Ndisanapiteko ndinayamba ndayesa kanthu kena kamene kanandipulumutsira nthawi. Ndinalemba adiresi ya chithunzi chimodzi cha mu foda yanga, fayilo wamba yosakhudzana ndi PHP. Nacho chinabweza 500. Apo ndinadziwa kuti vuto silili m'pulogalamu yanga, popeza chithunzi sichidutsa mu PHP. Chimene Apache imawerenga isanapereke fayilo iliyonse ya mu foda ndi `.htaccess`, ndipo ikapezamo lamulo limene silidziwa imakana chilichonse cha m'fodamo.

Ndinatsegulanso tsamba kuti mzere watsopano ulembedwe, ndikuyang'ana wa nthawi yomweyo. Apa chenjerani, wotchi ya seva ikhoza kusiyana ndi yanu. Yawo ili pa `UTC`, ndiye poyamba ndinkawerenga mizere ya maloboti ofufuza mafayilo omwe kulibe, ndikumadabwa kuti zikukhudzana bwanji ndi ine. Mzere wanga unali uwu:

```
/home/akaunti/public_html/.htaccess: Invalid command 'php_value', perhaps misspelled or defined by a module not included in the server configuration
```

Mzerewu watchula fayilo, watchulanso liwu lomwe lavuta. Mu `.htaccess` yanga munali lamulo la `php_value upload_max_filesize 32M`, lomwe ndinaliika kalekale kuti anthu azitha kukweza mafayilo akuluakulu. Pa seva yakale PHP inkayenda ngati gawo la Apache lotchedwa `mod_php`, ndipo gawo limeneli ndi lomwe limamva lamulo la `php_value`. Kuno PHP imayenda payokha kudzera mu `suPHP`, choncho kwa Apache liwulo ndi lachilendo. Ndinalichotsa, ndikupanga fayilo ya `.user.ini` m'foda yomweyo yokhala ndi `upload_max_filesize = 32M`. Fayilo imeneyi PHP ikhoza kutenga masekondi 300 isanaiwerengenso, ndiye musathamangire kunena kuti sizinatheke.

Chithunzi chija chinatseguka. Ndinasangalala, koma tsamba loyamba linali likadali pa 500.

Apa ndi pamene munthu amasokonezeka, chifukwa pa bulawuza uthenga ndi womwewo ndendende, ndipo umaganiza kuti zimene wakonza sizinathandize. Koma zinthu zinali zitasintha: mafayilo wamba akutseguka, a PHP okha ndi amene akukanika. Logi nayo inali ndi mzere wina, woyamba ndi `SoftException in Application.cpp`, wonena kuti fayilo ya `index.php` `is writeable by group`.

Nkhani yake ndi ya zilolezo. Pa Linux fayilo iliyonse ili ndi manambala atatu: loyamba ndi la mwini wake, lachiwiri la gulu, lachitatu la wina aliyense. Kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2, kuyendetsa ndi 1, ndipo amaphatikizidwa. Mafayilo anga anafika ndi 664, mafoda ndi 775, monga momwe analili pa kompyuta yanga pomwe ndinkawamanga m'phukusi limodzi. Pa 664, nambala yapakatiyo ndi 4 kuphatikiza 2, kutanthauza kuti gulu lingathe kulemba mu fayiloyo. `suPHP` imayendetsa pulogalamu m'dzina la mwini akaunti, ndiye imakana dala fayilo imene munthu wina angaisinthe. Pa seva yogawana ndi anthu osawadziwa, kukana kumeneku n'kondithandiza ine ndemwe.

Ndiulule kuti ndisanawerenge mzere umenewu ndinali pafupi kuika 777 pa chilichonse, poti ndi malangizo omwe amamveka kawirikawiri zilolezo zikavuta. Pa seva ngati iyi 777 ikanangowonjezera vuto, chifukwa imatsegulira gulu ndi wina aliyense kuti alembe, chinthu chenichenicho chimene seva ikukana. Zofunika zinali kuchepetsa zilolezo, 755 pa mafoda ndi 644 pa mafayilo:

```
find public_html -type d -exec chmod 755 {} \;
find public_html -type f -exec chmod 644 {} \;
```

Malamulo awiriwa amatha m'masekondi ochepa, koma amafuna `SSH`, njira yolembera malamulo mwachindunji pa seva, ndipo pa phukusi langa `SSH` imakhala yotseka mpaka utaipempha. Dandaulo langa lachiwiri ndi limeneli. Ndinadikira mpaka m'mawa mwake kuti anditsegulire. Usikuwo ndinayesa kusintha zilolezo pamanja mu `File Manager`, koma mafayilo anali oposa 2,000 m'mafoda ambirimbiri, ndinangosiyira panjira. Atanditsegulira, ndinalemba malamulo aja, ndikutsegula tsamba, ndipo linabwera lonse.

Munthu wachiwiri amene anayankha tikiti yanga anali wodziwa ntchito. Nditamutumizira mizere iwiri ya logi ija, anatsimikiza zomwe ndinapeza, n'kundiuzanso chinthu chimene sindinkachidziwa: tsamba la `Errors` silionetsa zonse. Pulogalamu ya PHP ikagwa yokha, mwachitsanzo ikaitana ntchito yomwe kulibe, pa seva yawo uthengawo umalembedwa mu fayilo ya `error_log` m'foda momwe muli pulogalamuyo. Patatha milungu iwiri zimenezi zinandithandiza, nditakweza zosintha zina n'kuonanso 500 pomwe `Errors` inalibe kanthu katsopano. Mu `error_log` munali `PHP Fatal error` yotchula fayilo ndi nambala ya mzere, ndipo ndinakonza pa mphindi 5. Funso langa n'lakuti, bwanji woyamba uja sanandilozere kumeneko?

Ngati mumatha kuwerenga logi ndipo simuopa `chmod`, kampaniyi ikukwanirani. Ngati mumadalira kuti wina akupezereni vuto, yembekezerani kuti yankho loyamba likhoza kukhala lopanda thandizo, ndipo potumiza tikiti muikemo mzere weniweni wa logi ndi nthawi yake kuti ifike kwa amisiri msanga. `SSH` ipempheni tsiku lomwe mwatsegula akaunti, musanakweze fayilo ndi imodzi yomwe. Ine ndipitiriza nawo chaka chino. Ndinawapempha kuti pa tsamba lawo la malangizo osamutsira webusaiti alembepo kuti `php_value` sigwira ntchito pa seva zawo, koma mpaka lero sanalembe.